Mmene mafuta amasandukira sopo

Mwina mumadabwa: sopo amapangidwa ndi mafuta, nanga amachotsa bwanji mafuta m'manja?

Kanthu kochepetsetsa ka mafuta kali ngati mutu umodzi, wotchedwa giliserini, wolumikizidwa ku michira itatu yaitali. Mukathira soda woopsa uja (NaOH), osati wophikira therere, gawo lake la OH⁻ limakamatira pa kaboni wa pamfundo yolumikizirayo, ndipo mfundoyo imaduka. Giliserini amamasuka. Mchira uliwonse umatsala ndi nsonga ya mphamvu ya magetsi yomwe imakokana ndi sodiyamu. Ameneyo ndiye sopo. Mchira ukafika pamenepa sungalumikizikenso, n'chifukwa chake sopo sabwerera kukhala mafuta.

Muyezo ndi wofunika. Kilogalamu 1 ya mafuta a mtedza imafuna magalamu pafupifupi 135 a soda, osungunulidwa m'magalamu 330 a madzi. Thirani soda m'madzi, osati madzi pa soda, chifukwa zimatentha kwambiri. Tetezani maso ndi manja, ndipo poto wa aluminiyamu ayi, soda amamudya. Soda akachuluka, sopo amanyenyeka ndi kuwotcha khungu. Akachepa, sopo amakhala wofewa, wanoninoni. Muumitseni milungu 4 musanasambire.

Mchira wa sopo umakonda mafuta koma umathawa madzi, pamene nsonga ija imakonda madzi. Mukamatikita m'manja, michira imalowa m'litsiro lamafuta n'kuligawa timadontho ting'onoting'ono, nsonga zili kunja. Timadonthoti timakankhana, sitigwirananso, ndipo madzi otsukuluzira amatitenga. Madzi ena a pamjigo ali ndi laimu wambiri yemwe amamanga sopo: thovu limachepa, m'beseni mumatsala zoyerayera.