Mavitamini ndi Mankhwala Owonjezera Magazi: Mafunso ndi Mayankho

Kodi munthu wofooka ayenera kugula mavitamini?

Kufooka pakokha si umboni wakuti thupi likusowa mavitamini. Ngakhale kuchepa kwa magazi, komwe anthu a ku Vubwi, Sinda ndi Katete amagulira mankhwala a m'botolo, nthawi zambiri kumayamba ndi malungo, njoka za m'mimba kapena likodzo, ndipo matendawa akapanda kuchizidwa magazi amapitiriza kuchepa ngakhale munthu amwe mabotolo angapo. Choyamba ndi kuyezetsa himogulobini, chinthu chofiira cha m'magazi chomwe chimanyamula mpweya. Kwa mayi woyembekezera, muyeso wochepera magalamu 11 pa desilita umasonyeza kuti magazi achepadi.

Ndani amene amafunikiradi zowonjezera?

Amayi oyembekezera amafunika ayironi, mchere wopangira magazi, ndi foliki asidi, vitamini woteteza msana ndi ubongo wa mwana wosabadwa, ndipo zonsezi amalandira kwaulere ku sikelo. Ana a miyezi 6 mpaka 59 amapatsidwa vitamini A kawiri pachaka pa Sabata ya Umoyo wa Ana. Munthu wina aliyense ayambe wayang'ana m'mbale mwake, popeza mbatata yofiira mkati, maungu, mango ndi bonongwe zili ndi zomwe thupi limasandutsa vitamini A, komanso shuga wa ku Zambia amathiridwa vitaminiyu kuyambira 1998.

Kodi zolembedwa pa botolo zingayesedwe bwanji?

Mawu akuti mankhwala "amawonjezera magazi" sanena kanthu mpaka kuchuluka kwake kutawerengedwa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mayi woyembekezera azimwa mamiligalamu 30 mpaka 60 a ayironi tsiku lililonse. Tsono ngati botolo lalembedwa kuti supuni imodzi ili ndi mamiligalamu 5, ndipo malangizo ake ndi supuni ziwiri patsiku, mayiyo akulandira mamiligalamu 10 okha, ndipo kuti afike pa muyeso wotsikitsitsa angafunike supuni zisanu ndi imodzi. Pali msampha winanso: nambala yaikulu kawirikawiri imakhala kulemera kwa msanganizo wonse, osati kwa ayironi weniweni, moti piritsi la ferasi salifeti la mamiligalamu 200 limakhala ndi ayironi pafupifupi 65 basi. Botolo losatchula kuchuluka, dzina la wopanga ndi tsiku lotha ntchito, kapena lolonjeza kuchiza shuga, kuthamanga kwa magazi ndi kusabereka pamodzi, si loyenera kugulidwa. Mankhwala m'Zambia amayang'aniridwa ndi bungwe la ZAMRA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2013, koma m'boma la Vubwi, lomwe lachita malire ndi Malawi ndi Mozambiki, katundu wa pamsika angakhale wosadutsa m'manja mwa bungweli, choncho ndi bwino kuonetsa botolo kwa wamankhwala kapena namwino.

Kodi kumwa mopitirira muyeso n'koopsa?

N'koopsa ndithu. Vitamini A satuluka ndi mkodzo koma amaunjikana m'chiwindi, ndipo wochuluka angapundule mwana wosabadwa, n'chifukwa chake kapisozi wa ana sapatsidwa kwa mayi woyembekezera. Mapiritsi a ayironi amadetsa chimbudzi, zomwe sizivulaza, koma mwana wamng'ono akameza ambiri akhoza kufa, motero makolo ayenera kuthamangira naye kuchipatala ngakhale akuoneka bwinobwino.