Fungo la Nsomba Kumaliseche: Si Uve, Nkhani Ili pa Asidi

Anzanga, mutu wa lero ena mungauchite manyazi, koma ingowerengani mpaka kumapeto. Tikukamba za vuto lomwe madokotala amalitcha bakiteriyo vajinosisi. Limagwira atsikana ndi amayi ambiri, ndipo chizindikiro chake chachikulu ndi chikazi chamadzimadzi, chotuwa ngati phulusa, chonunkha ngati nsomba yomwe yayamba kuwonongeka.

Poyamba tigwirizane chinthu chimodzi. Mtsikana aliyense yemwe watha msinkhu amatulutsa chikazi, ndipo zimenezi si matenda. Chikazi chabwinobwino chimakhala choyera kapena chooneka ngati madzi, nthawi zina chimanyululuka ngati dzira laliwisi, ndipo sichikhala ndi fungo lamphamvu. Ndi njira yomwe thupi limadzitsukira lokha.

Nanga fungo la nsomba limachokera kuti? Apa mukumbukire phunziro la asidi ndi alikali lija. M'njira yoberekera mumakhala mabakiteriya abwino otchedwa lakitobasilasi, achibale a aja amasasitsa chambiko. Ntchito yawo ndi kupanga asidi. Chifukwa cha asidiyu, pH ya malowa imakhala pakati pa 3.8 ndi 4.5, ndipo tizirombo tina tambiri timalephera kuswana pamalo owawasa chonchi. Lakitobasilasi akachepa, asidi amachepanso, pH imakwera kupitirira 4.5. Pamenepo mabakiteriya ena omwe anali ochepa, monga Gadinerela vajinalisi ndi anzake osakonda mpweya wa okosijeni, amapeza danga n'kuchulukana. Iwowa amatulutsa makemikolo otchedwa maamini, ndipo imodzi mwa maamini amenewa ndi yomweyo imene imanunkhitsa usipa wogonera. Ndiye tikati fungo la nsomba si mwano ayi, kemikolo yake ndi imodzi.

Tiyerekeze mtsikana wa Fomu 3. Waona kuti chikazi chake chasintha, chikumatuluka chopyapyala ndi chotuwa, kabudula wamkati akumanyowa msanga. Sakumva kuyabwa kwenikweni, komanso palibe chilonda. Chomwe chikumusautsa ndi fungo, makamaka masiku omwe ali kumwezi. M'kalasi wasiya kuimirira kukalemba pa bolodi. Iye akuganiza kuti mwina sakusamba mokwanira, ndiye wayamba kutsuka mkati ndi sopo kawiri kapena katatu pa tsiku. Mnzake wamuuza kuti aziikamonso mankhwala azitsamba. Patatha sabata, fungo lija lawonjezeka.

Chachitika n'chiyani? Sopo ndi alikali. Akalowa mkati amathetsa asidi uja ndi kukokolola lakitobasilasi omwe anatsala. Choncho mtsikanayu akamalimbikira kutsuka, ndi pomwe akulimira munda mabakiteriya onunkhitsa aja. Zoti fungo limakula nthawi ya msambo nazonso zili ndi chifukwa chake. Magazi ali ndi pH ya pafupifupi 7.4, ndipo maamini akakumana ndi alikali amasanduka mpweya n'kuuluka, mphuno n'kuwamva. Umuna nawonso ndi alikali, n'chifukwa chake amayi ambiri amadandaula kuti fungo limamveka kwambiri akangotha kugonana.

Mwina mwaonapo amayi akufinyira mandimu pa nsomba kuti fungo lichepe. Asidi wa m'mandimu amagwira maamini kuti asauluke. Koma chonde, zimenezo zithere kukhitchini komweko. Mandimu, viniga kapena mchere mukaika kumaliseche mudzangowaula khungu lofewa la mkati, ndipo mabakiteriya aja sadzatha.

Mtsikana wathu uja akapita kuchipatala, amufunsa za mtundu wa chikazi, fungo, kuyabwa, ululu wa m'mimba, tsiku lomwe anasamba komaliza, komanso ngati anagonapo ndi mwamuna. Ayankhe zoona, chifukwa mankhwala amadalira mayankho amenewa. Kumene kuli zipangizo, amayang'ana zizindikiro zinayi zomwe Amsel ndi anzake anazilemba mu 1983: chikazi chopyapyala chotuwa, pH yoposa 4.5, fungo la nsomba lotuluka akadonthezera potaziyamu haidirokisaidi pa chikazicho, ndi maselo okutidwa ndi mabakiteriya ooneka pa maikulosikopu. Zitatu mwa zinayizi zikapezeka, ndiye kuti ndi vutoli. M'zipatala zathu zing'onozing'ono zambiri amapereka chithandizo potengera zizindikiro, ndiye musadabwe akakupatsani mankhwala amitundu ingapo. Amafuna athane ndi matenda ena omwe angabisale m'chikazi chomwecho.

Mankhwala odziwika ndi metironidazo, aja ambiri timawatchula kuti Fulajili. Kawirikawiri munthu amamwa mamiligalamu 400 kapena 500 kawiri pa tsiku kwa masiku 7, ngakhale nthawi zina adokotala amapereka magalamu 2 omwa kamodzi. Amawawa, amasiya kakomedwe ka chitsulo m'kamwa, ndipo ena amachita nawo nseru, choncho ndi bwino kumwa mutadya. Mowa ndi woletsedwa pa nthawi yomwe mukumwa mankhwalawa. Pomwe ambiri amalakwitsa ndi apa: fungo limatha pakangopita masiku awiri kapena atatu, munthu n'kusiya mankhwala, otsalawo n'kugawira mnzake. Mabakiteriyawa amamanga kansalu konanda pakhungu la mkati komwe amabisalamo, ndipo mankhwala a masiku awiri sangawamalize. Ngakhale kwa omwe amaliza bwinobwino, pafupifupi theka vutoli limawabwerera chaka chisanathe. Likabwerera, bwererani kuchipatala, osati kugolosale.

Ndikunena zogolosale chifukwa si chikazi chilichonse chomwe chimamva Fulajili. Chikakhala choyera, cholimba ngati chambiko, choyabwa kwambiri koma chosanunkha, nthawi zambiri amakhala mafangasi, aja ambiri amangoti mauka, ndipo mankhwala ake ndi ena. Chikakhala chachikasu kapena chobiriwirako, chathovu, ndi kutentha pokodza, akhoza kukhala matenda opatsirana pogonana otchedwa tirikomonasi. Chizonono nachonso chimatha kusintha chikazi. Ndipo ngati pali ululu wa m'munsi mwa mimba, kutentha thupi, zilonda, kapena magazi otuluka isanakwane nthawi ya msambo, pitani tsiku lomwelo.

Wina afunsa kuti, "Popeza sichipweteka, bwanji osangochisiya?" Asidi uja ndi mpanda. Ukagwa, kachirombo koyambitsa Edzi ndi matenda ena opatsirana pogonana salimbana ndi zambiri kuti alowe. Kwa mayi woyembekezera, vutoli limawonjezera mpata woti mwana abadwe masiku asanakwane.

Inu anyamata, ndi atsikana ena okonda miseche, mvetserani apa. Fungoli si umboni woti mtsikana ndi woyendayenda. N'zoona kuti kukhala ndi chibwenzi chatsopano, zibwenzi zambiri, kapena kugonana osagwiritsa ntchito kondomu kumawonjezera mpata wa vutoli. Koma limapezekanso mwa atsikana omwe sanagonepo ndi mwamuna, ndipo kawirikawiri wovutikayo amakhala yemwe amadzitsuka mopitirira muyeso. Kumuseka kumangomuthamangitsira ku sopo ndi zitsamba m'malo mwa kuchipatala.

Kasambidwe koyenera n'kosavuta. Tsukani kunja kokha ndi madzi oyera, mkati musalowetsemo sopo, chala, kansalu kapena zonunkhiritsa. Mukakhala kumwezi, sinthani padi kapena nsalu pakapita maola angapo, ndipo nsaluyo iume bwino padzuwa musanaivalenso. Ngati mukuopa kupita nokha kuchipatala, uzani amayi anu, azakhali kapena aphunzitsi aakazi omwe mumamasuka nawo akuperekezeni, ndipo mukafika funsani ngati pali chipinda chothandizira achinyamata.