Mafunso ndi Mayankho: Ndandanda ya Zitseko ndi Mazenera

WOULUTSA: Lero tili ndi bambo amene akhala zaka zambiri akujambula mapulani a nyumba, ndipo kalata yoyamba yachokera kwa bambo wina wa ku Mchinji. Iwo akuti: "Ndinauza womanga kuti zitseko zanga ndi za 813, ndinauzanso kalipentala chimodzimodzi, koma tsiku loika, palibe felemu ndi imodzi yomwe imene inalowa m'khoma. Walakwa ndani?"

MLENDO: Zikomo, ndipo ndikuwapepesa bambowo, pakuti kugumula khoma limene unalipira kale ndi chinthu chowawa. Koma ndinene mosabisa kuti amisiri onse awiri anamvera mawu awo mokhulupirika; chinawasokeretsa ndicho chakuti khomo limodzi lili ndi miyeso itatu, ndipo iwo anatchula umodzi wokha, osanena kuti ndi uti. Pali mpata umene womanga amasiya m'njerwa, pali felemu, imene makolo athu ankaitcha mphuthu, ndipo pali chitseko chenichenicho chimene chimatembenuka pa mahinjesi. Nambala ija ya 813 ndi m'lifupi mwa chitseko chokha, chimene kutalika kwake ndi mamilimita 2032, muyeso umene tinatengera ku mafiti akale: mafiti 2 ndi mainchesi 8 m'lifupi, mafiti 6 ndi mainchesi 8 m'litali. Womanga anasiya mpata wa 813, osatsala malo a felemu.

Tiyeni tiwerengere pamodzi, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Tinene kuti felemu ndi ya thabwa lochindikala mamilimita 45, ndipo kalipentala wasemamo kakhwawa ka mamilimita 12 kokhalamo chitseko. Zotsala ndi 33 mbali iyi ndi 33 mbali inayo. Tiwonjezere mamilimita 3 uku ndi uku kuti chitseko chisamakhule, makamaka m'nyengo ya dzinja pamene thabwa limafufuma ndi chinyontho. Zonse pamodzi zikukwana 885, ndipo womanga ayenera kusiya 900, kuti apeze podzera poimika felemu mowongoka. Kumwamba nakonso n'chimodzimodzi: 2032, kuwonjeza 33, ndi 3, ndi 10 wa kunsi kwa chitseko, zikukwana 2078, choncho mpata ukhale 2100.

Chothetsa vutoli ndi ndandanda ya zitseko ndi mazenera, imene ili pepala limodzi lokha, lolembedwa mizere, limene limayenda pamodzi ndi pulani. Pa pulani, khomo lililonse lipatsidwe chizindikiro chake, D1, D2, D3, ndi zenera lililonse W1, W2, kuyambira pa khomo lalikulu ndi kuzungulira nyumba mbali imodzi osadumpha, ofanana akhale ndi chizindikiro chimodzi. Ndipo pa ndandanda chizindikiro chilichonse chikhale ndi mzere wake, momwe mulembedwe miyeso itatu ija, uliwonse ndi dzina lake, m'lifupi poyamba ndi m'litali pambuyo, onse m'mamilimita, osasakaniza ndi mainchesi. Mulembenso kuti 2100 uja ayesedwe kuchokera pansi pomalizidwa, pakuti ndaona nyumba zambiri zimene womanga anayesa kuchokera pa konkire, mwini wake nadzaika matailosi pambuyo, ndipo zitseko zonse zinayenera kudulidwa kunsi.

WOULUTSA: Kalata yachiwiri ndi ya mayi wina wa ku Ndirande. Akuti anafunsa akalipentala atatu mtengo wa zitseko zisanu ndi chimodzi, ndipo wina anatchula theka la mtengo wa anzake. Atenge wotchipayo?

MLENDO: Mayi, musafulumire, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Sindikunena kuti mmisiriyo ndi wachinyengo, ayi. Koma ngati munangoti "zitseko zisanu ndi chimodzi", aliyense wa atatuwo anawerengera chitseko chimene chinali m'mutu mwake. Wina anaganiza za mlombwa kapena mbawa, wina za paini wa ku Chikangawa, ndipo wachitatu mwina za chitseko cha pulayiwudi chimene m'kati mwake muli mphako, chimene chimakhala bwino kuchipinda koma chimafundukuka mvula ikachimenya zaka ziwiri. Mitengo itatuyo simungaiyerekeze, popeza si ya chinthu chimodzi.

Ndikuwerengereni mzere umodzi monga ndikanaulembera ine. D1, khomo la kumaso, chiwerengero chimodzi. Mpata 900 ndi 2100. Felemu ya mlombwa 885 m'lifupi, ya khoma la njerwa yathunthu, la mamilimita 230. Chitseko 813 ndi 2032, chochindikala 44, cha mlombwa wouma bwino. Mahinjesi atatu a mamilimita 100, chifukwa awiri sanganyamule chitseko cholemera chotero kwa nthawi yaitali osawerama. Loko wolowa m'thabwa, pamodzi ndi zogwirira zake. Vanishi kupaka katatu. Kenaka D2, zipinda zogona, chiwerengero zitatu, ndipo apa khoma ndi la theka la njerwa, la mamilimita 115. Kuchindikala kwa khomaku anthu amakuiwala kawirikawiri, chonsecho amene akugula mafelemu achitsulo m'sitolo adzafunsidwa funso lomweli, pakuti felemu yachitsulo imakumbatira khoma, ndipo ya 115 siingakhale bwino pa khoma la 230.

Kumapeto kwa mzere musiye malo awiri opanda kanthu, a mtengo wa chimodzi ndi a mtengo wa zonse, ndipo mulembe poyera amene adzagula maloko, amene adzapaka vanishi, ndi amene adzaika zitseko, pakuti mikangano yambiri imene ndayitanidwa kukaweruza inayambira pa mawu akuti "ine ndimayesa kuti zimenezo ndi zanu". Mukatero, perekani pepala lomwelo kwa onse atatu.

WOULUTSA: Mnyamata wina wa ku Zomba, amene akuphunzira kujambula, akufunsa za mazenera, ndiponso mmene angasonyezere mbali yotsegukira.

MLENDO: Mwana wanga, mawu akuti "kumanja" ndi "kumanzere" paokha ndi msampha, chifukwa dzanja lamanja la woima kunja ndilo lamanzere la woima m'kati. Lemba pamwamba pa pepala kuti zonse zajambulidwa monga aonera munthu woima kunja, ndipo pa mzere uliwonse ujambule kachithunzi ka chitseko kapena zenera, pa sikelo ya 1:50, ndi mizere iwiri yodukizadukiza yokumana ku mbali ya mahinjesi. Mwa zitseko zitatu za D2 zija, ngati chimodzi chitsegukira mbali ina, uchipatse mzere wakewake. Ukapanda kutero chidzatseguka n'kuphimba swichi ya magetsi.

Za mazenera ndinene mwachidule. Ngati ndi achitsulo a muyeso wa ku fakitale, tchula dzina lake pamodzi ndi muyeso, monga ND4, 1511 ndi 1245, chifukwa wowotcherera wa pamsika amadziwa dzinalo koma amapanga monga mwa chizolowezi chake. Lemba mbali zotseguka ndi zosatseguka, ngati zitsulo zotchinga akuba ziwotchereredwe pomwepo, ndi mtundu wa galasi: loonekera la mamilimita 4 pabalaza, losaonekera kubafa. Mitu ya mazenera onse ilingane ndi ya makomo pa 2100, kuti lintala iyende mzere umodzi. Ukachotsa 1245 pa 2100 upeza 855, ndipo pamenepo ndi pamene womanga aimitse njerwa za kunsi kwa zenera, kupatula kampata kochepa koikira.

Ndipo kwa inu nonse amene makoma anu aima kale, monga bambo a ku Mchinji aja, ndikupemphani kuti kalipentala asadule thabwa ndi limodzi lomwe asanabwere ndi tepi yake kudzayesa mpata uliwonse pamwamba, pakati ndi pansi, natenga muyeso wochepa mwa itatuyo.

WOULUTSA: Nthawi yatithera, amene makalata anu sitinawawerenge lero, tidzayamba ndi anuwo sabata yamawa.