Malangizo kwa Amisiri: Kuyeza pa Pulani ndi Rula ya Sikelo

Lero tikambe za vuto limodzi, kuwerenga muyezo wolakwika pa pulani.

Pulani imajambula nyumba mochepetsa. Rula ya sikelo, ija ya mbali zitatu, imabweza muyezowo pa kukula kwake kwenikweni. Ndiye yambani mwawerenga sikelo yolembedwa pansi pa chojambulacho. Ikakhala 1:100, sentimita imodzi papepala ndi mita imodzi pamalo omangapo. Tembenuzani rula, mupeze mbali yolembedwa chimodzimodzi. Sikelo ya papepala ndi sikelo ya pa rula zifanane.

Kenaka yesani pepalalo musanalikhulupirire. Apa mpamene ambiri amalakwira, chifukwa makina a fotokope amatha kuchepetsa pulani, koma sikelo yolembedwa ija sisintha. Pezani khoma lomwe wojambula analemba kale muyezo wake. Tinene kuti analemba mamita anayi. Ikani ziro ya rula pakona yakhomalo. Ziro, abale anga, osati nsonga ya rula. Rula ikanena mamita anayi, pepala lili bwino. Ikanena mamita awiri, pulaniyo inachepetsedwa ndi theka. Mukaitsatira choncho, mudzakumba maziko a chipinda chosalowa ndi bedi lomwe. Pemphani pulani yoyambirira kwa wojambula.

Ndipo rula ikasiyana ndi muyezo wolembedwa, tsatirani wolembedwawo. Rula ndi yothandiza pamene wojambula sanalembe.

Tibwereze. Werengani sikelo, pezani mbali yake pa rula, yesani pa khoma lolembedwa muyezo, kenaka muyeze zinazo.