Kalata yokulembani ntchito: werengani musanasaine

Anzanga a Folomu 4, tiyerekeze kuti mayeso a MSCE atuluka, ndipo sitolo ina paboma yakutengani kuti muzigulitsa katundu. Mawu apakamwa sakwanira, bwana akupatseni kalata.

Kalatayo itchule dzina lanu ndi la bwanayo, ntchito imene muzigwira, malo ake ndi tsiku loyambira. Inenenso maola ogwira ntchito. Lamulo la ntchito la 2000 limati asapitirire 48 pasabata, ndipo owonjezera amalipiridwa mwapadera.

Penyetsetsani pa malipiro. Akalemba K200,000 pamwezi, funsani kuti, “Kodi imeneyi ndi yodula kale?” Penshoni yokha imachotsa K5 pa K100 iliyonse, ndiye kuti K10,000 yapita, msonkho tisanauwerengere.

Onaninso masiku a tchuthi. Wogwira masiku 6 pasabata ayenera kupuma masiku 18 pachaka akulandira malipiro. Ngati pali miyezi yoyeserera, ailembe kuti ndi ingati. Alembenso nthawi yochenjezana wina akafuna kuthetsa ntchito.

Pomaliza musaine nonse awiri, ndipo kope imodzi ikhale yanu. Mukadzasemphana ndi bwana, ku ofesi ya zantchito umboni wanu udzakhala pepala lomweli.