Odita wa kampani yanu: amamuika ndani, amamuchotsa ndani?

Tiyerekeze kuti abale khumi ndi awiri a ku Mufakose ndi ku Highfield asonkherana ndalama n'kulembetsa kampani yokhoma mipando ku Glen View. Awiri asankhidwa kukhala madailekitala, ndipo ndiwo asunga buku la malisiti ndi makiyi a shedi. Enawo ali ndi masheya chabe. Kodi adziwa bwanji kuti phindu lomwe akuuzidwa ndi lenileni? Imeneyi ndiyo ntchito ya odita, katswiri wofufuza mabuku a chuma.

Ku Zimbabwe nkhaniyi ili m'lamulo la Companies and Other Business Entities Act, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020. Odita woyamba angaikidwe ndi madailekitala, koma ntchito yake imathera pa msonkhano woyamba wapachaka. Kuyambira pamenepo amene amamusankha ndinu eni masheya, ndipo lipoti lake amalembera inu.

Odita asadye mbale imodzi ndi anthu amene akuwafufuza. Dailekitala sangakhale odita wa kampani yakeyo, wantchito wa kampaniyo ayinso. Ineyo ndinganenenso kuti mlamu wa dailekitala musamuvomere, ngakhale atakhala ndi mapepala onse. Funsani ngati munthuyo analembetsa ku bungwe la PAAB, lomwe limasunga kaundula wa maodita ovomerezeka m'dzikomo.

Akangoikidwa, odita ali ndi ufulu woona mabuku, mavaucha ndi mapepala onse a chuma nthawi iliyonse, komanso wofunsa akuluakulu a kampani chimene akufuna kudziwa. Tinene kuti mabuku akuonetsa kuti matabwa a madola 4,000 anagulidwa ku Mbare, koma malisiti alipo a madola 2,500 okha. Odita afunsa za madola 1,500 otsalawo. Akayankhidwa kuti malisiti ananyowa ndi mvula, angapemphe mapepala a ku banki kapena a EcoCash, n'kukawerenga matabwa ali m'shedi. Akamanidwa zimenezi, ayenera kunena m'lipoti lake kuti sanapatsidwe zonse zimene anafuna. Mukalandira lipoti, mawu amenewo ndiwo muyambe kuwafunafuna.

Nthawi zambiri pakatere m'pamene mumamva kuti oditayu ngodula, tipeze wina. Chenjerani. Mphamvu yochotsa odita ili m'manja mwa eni masheya pa msonkhano, osati mwa madailekitala paokha. Pamafunika chidziwitso chapadera choperekedwa pasadakhale, ndipo odita amapatsidwa mpata wolemba mbali yake ndi kuyankhula pamaso panu. Musavote musanamumve. Mufunseni poyera kuti, "Kodi pali chimene munapempha osapatsidwa?" Ndipo onetsetsani kuti mlembi walemba yankho lake m'maminitsi a msonkhanowo.