Swaumu ndi Ngongole ya Masiku: Shehe Ayankha Makalata Anu

Muulutsi: Makalata amene tasankha lero onse akukhudza anthu amene alephera kumanga masiku ena a Ramadani ndi mmene angawabwezere. Shehe, takulandirani.

Shehe: Zikomo. Tisanatsegule kalata, omvera agwire mfundo imodzi imene itithandize pa mayankho onse. Mu Sura ya Bakara, ndime 184 ndi 185, Allah walola wodwala ndi wa paulendo kumasula, ndipo walamula kuti adzabweze masiku ofanana ndi amene adawadumpha. Wamuikiranso njira ina munthu amene swaumu sangaithenso, yomwe ndi kudyetsa wosauka, ndipo iyi ndiyo timaitcha fidiya. Choncho pa munthu aliyense tizifunsa kuti, kodi chomulepheretsacho chidzatha? Ngati chidzatha, adzabweza masiku. Ngati sichidzatha, apereke chakudya.

Muulutsi: Kalata yoyamba yachokera kwa mnyamata wa ku Liwonde. Akuti: "Shehe, pa tsiku la 11 la Ramadani ndidapezeka ndi malungo ndipo adandipatsa mankhwala a LA. Ndidamasula masiku anayi. Anzanga akundinena kuti ndine wofooka chikhulupiriro. Kodi ndalakwa?"

Shehe: Mwana wanga, sunalakwe. Mankhwala a LA amamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, ndipo amafuna kuti m'mimba mukhale chakudya kuti agwire bwino ntchito. Munthu amene thupi likutentha amafunanso madzi. Ukadakakamira swaumu n'kumadumphitsa mankhwala, malungo akadatha kubwerera mwamphamvu, ndipo kudzivulaza dala n'koletsedwa m'Chisilamu.

Matenda amene amaloleza kumasula ndi amene swaumu ingawakulitse, ingachedwetse kuchira kwake, kapena ingabweretse kuvutika koposa njala ndi ludzu zimene womanga aliyense amamva. Kachimfine kapena kalitsipa kopiririka sizili m'gulu limeneli. Iweyo uli ndi ngongole ya masiku anayi. Idi ikadutsa ndipo mphamvu zikabwerera, uwamange. Fidiya palibe pa iwe.

Muulutsi: Yachiwiri yachokera kwa bambo wa ku Nkhotakota. Akuti: "Bambo anga ali ndi zaka 78 ndipo amabaya insulini chifukwa cha matenda a shuga. Chaka chatha adakomoka masana akumanga. Adokotala adawaletsa, koma iwo akukana kumva. Tichite chiyani?"

Shehe: Bambo, muwauze akuluwo mwaulemu kuti Allah amene adalamula swaumu ndi yemweyo amene wawachotsera. Matenda awo si akutha mawa ndipo ukalamba subwerera m'mbuyo, choncho iwo alibe masiku obweza. Udindo wawo ndi fidiya, ndipo akaipereka akwaniritsa lamulo mokwanira.

Muyeso wake, pa chiphunzitso cha Imamu Shafi chimene ambiri kuno kwathu timatsata, ndi mudi umodzi pa tsiku lililonse. Mudi ndi chakudya chodzaza manja awiri ophatikiza a munthu wamkulu. Pa sikelo ophunzira amauwerengera pakati pa magalamu 600 ndi 750, ndipo ine ndimalangiza kutenga 750 kuti mtima ukhale m'malo. Chakudyacho chikhale chimene anthu a dera lanu amadalira, monga chimanga kapena mpunga. Mwezi ukakhala wa masiku 30, ndiye makilogalamu 22 ndi theka. Mukhoza kupereka tsiku ndi tsiku kapena kuphatikiza zonse kumapeto kwa mwezi, koma musapereke Ramadani isanayambe. Mukhoza kugawira osauka angapo kapena kupatsa mmodzi. Musapatse munthu amene bambowo ali kale ndi udindo womudyetsa, monga mayi a m'nyumba mwawo. Ana mukhoza kuwalipirira mutawadziwitsa ndipo iwo atavomera. A chiphunzitso cha Imamu Abu Hanifa muyeso wawo ndi wokulirapo ndipo amalola kupereka ndalama m'malo mwa chakudya.

Ndionjezeko kwa odwala shuga amene adokotala awalola kumanga. Kudziboola chala kuti muyeze shuga sikuononga swaumu. Makina akaonetsa pansi pa 3.9, kapena pansi pa 70 pa makina a manambala akuluakulu, masulani pomwepo ngakhale dzuwa litatsala pang'ono kulowa. Kunjenjemera, thukuta lozizira, chizungulire ndi kusokonezeka mutu ndi zizindikiro zakuti shuga watsika, ndipo musadikire azana.

Muulutsi: Kalata yachitatu ndi yotalikirapo, yachokera kwa mayi wa ku Namwera. Akuti: "Ndidachira kutatsala masiku 10 kuti Ramadani iyambe. Magazi a uchembere adasiya patatha masiku 35. Nditasamba ndidafuna kumanga masiku otsalawo, koma mkaka unali wochepa ndipo mwana ankangolira, ndiye ndidaleka ngakhale ineyo ndinali bwino. Mwezi unali wa masiku 30. Ndili ndi ngongole yanji?"

Shehe: Mayi, Allah akukulitsireni mwanayo. Tiwerengere limodzi, chifukwa masiku anu ali m'magulu awiri. Pa masiku 35 a nifasi, 10 adagwera Ramadani isanayambe, ndipo 25 adagwera mkati mwake. Pa masiku 25 amenewa simunali wololedwa n'komwe kumanga. Mkazi amene ali kumwezi kapena mu nifasi swaumu yake silandiridwa, ndipo magazi akabwera ngakhale kutatsala mphindi zochepa kuti anthu afuturu, tsikulo liyenera kubwezedwa. Mayi Aisha, Allah asangalale nawo, adafotokoza kuti pa nthawi ya Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, akazi ankalamulidwa kubweza swaumu koma sankalamulidwa kubweza swala. Choncho masiku 25 awa mudzawabweza, popanda fidiya, ndipo swala za masikuwo simubweza.

Masiku asanu otsalawo mudamasula chifukwa choyamwitsa, ndipo zimenezo n'zololedwa. Apa Imamu Shafi amasiyanitsa. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa akamasula poopera thanzi lake, kapena lake ndi la mwana limodzi, amangobweza masiku ngati wodwala. Akamasula poopera mwana yekha, amabweza masiku n'kuonjezapo mudi umodzi pa tsiku. Inuyo mwanena kuti munali bwino, nkhawa inali pa mwana. Ndiye ngongole yanu ndi masiku 30 omanga ndi mamudi asanu, omwe ndi pafupifupi makilogalamu anayi a mpunga kapena chimanga. Kwa otsata Imamu Abu Hanifa n'kubweza masiku basi, popanda chakudya.

Masiku 30 asakuopseni, chifukwa sikofunika kuwamanga mondondoza. Mukamamanga Lolemba ndi Lachinayi sabata iliyonse, mumaliza m'masabata 15. Miyezi ya Juni ndi Julayi imathandiza, pakuti kumazizira ndipo usana umafupika. Ngati kuyamwitsa kupitiriza kukulepheretsani mpaka Ramadani ina itafika, palibe tchimo ndipo palibe chilango cha kuchedwa. Mudzabweza mwana akasiya kuyamwa.

Muulutsi: Bambo wina wa ku Mangochi akuti: "Ndikupita ku Joni pa basi mkati mwa Ramadani. Mng'ono wanga nayenso amakwera minibasi kuchoka ku Zomba kupita ku Limbe. Kodi tonse tikhoza kumasula?"

Shehe: Ulendo umene umaloleza kumasula ndi wa makilomita 80 kapena kupitirirapo pang'ono, kuwerengera kupita kokha. Wanu wa ku Joni wapitirira kutali. Wa mng'ono wanu sukufika pa muyeso umenewo, choncho iye amange.

Inuyo musamale zinthu ziwiri. Choyamba, kwa Imamu Shafi muyenera kukhala mutatuluka m'tauni mwanu m'bandakucha usanafike. Basi ikanyamuka dzuwa litatuluka, tsiku limenelo mudaliyamba muli pakhomo, ndiye mulimalize pokhapokha mutavutika kwambiri m'njira. Kuyambira tsiku lotsatira muli ndi chilolezo. Chachiwiri, mukafika n'kutsimikiza zokhala masiku anayi athunthu kapena kupitirira, osawerenga tsiku lofika ndi lonyamuka, ulendo watha ndipo mumange limodzi ndi Asilamu a kumeneko. Ngati swaumu sikukuvutani m'njira, kumanga ndi kwabwino koposa, ndipo ngati ikukuvutani, masulani n'kulemba masikuwo.

Muulutsi: Kalata yomaliza ndi ya mtsikana wa ku Ndirande. Akuti: "Ndili ndi masiku 6 amene sindinabweze. Padutsa Ramadani ziwiri. Sindinadwale, ndinkangozengereza. Komanso ndimafuna kudziwa ngati pali masiku oletsedwa kubwezera."

Shehe: Mwana wanga, wachita bwino kufunsa, pakuti safunsa adadya phula. Nthawi yobwezera imayamba tsiku lotsatira Idi ndipo imatha Ramadani ina ikalowa. Mayi Aisha nthawi zina ankabweza masiku awo m'mwezi wa Shabani, umene ndi womaliza Ramadani isanafike, ndipo apa ndi pamene ophunzira adatengera malire amenewa.

Iwe malirewo udawadumpha popanda chifukwa, ndiye pali zinthu zitatu. Ulape kwa Allah chifukwa cha kuchedwako. Umange masiku 6, chifukwa chiwerengero cha masiku sichikwera. Kenako upereke mudi umodzi pa tsiku lililonse pa Ramadani iliyonse imene yadutsa, monga mmene a chiphunzitso cha Imamu Shafi amawerengera. Masiku 6 kuchulukitsa ndi Ramadani ziwiri ndi mamudi 12, omwe ndi makilogalamu 9. Otsata Imamu Abu Hanifa salamula chakudya chimenechi, koma nawonso amati masikuwo abwezedwe. Chakudyacho sichilowa m'malo mwa swaumu, chifukwa iwe mphamvu uli nazo.

Masiku oletsedwa kumanga ndi asanu pa chaka, omwe ndi Idi yomasulira, Idi ya nsembe, ndi masiku atatu otsatira Idi ya nsembe. Ukumbukirenso kuti swaumu yobweza imafuna niya usiku, m'bandakucha usanafike, ndipo mumtima utsimikize kuti mawa ukubweza tsiku la Ramadani. Sungadzuke dzuwa litakwera n'kunena kuti poti sindinadye, tsikuli likhale lobweza. Ukaiyamba, usaimasule popanda chifukwa chovomerezeka. Amene waiwala chiwerengero cha masiku ake atenge chachikulu pa zimene akukaikira, monga 8 ngati akukaika pakati pa 7 ndi 8.

Muulutsi: Shehe, nthawi yatithera. Mawu anu otsiriza?

Shehe: Aliyense amene wamasula tsiku la Ramadani alilembe m'kope tsiku lomwelo pamodzi ndi chifukwa chake, pakuti chifukwacho ndi chimene chidzasonyeze ngati ayenera kubweza, kupereka fidiya, kapena zonse ziwiri. Yambani kubweza m'Shawali Idi ikangodutsa, musadikire Shabani. Odwala matenda a mgonagona ndi amayi oyembekezera akaonane ndi achipatala Ramadani isanayambe, kenako apite ndi yankholo kwa shehe wa pa mzikiti wawo. Allah ndiye wodziwa koposa.